Namwino akamadwazika m'bale wake mu wodi yomwe akugwiramo ntchito

Nachisale: Anzanga, ndikufuna maganizo anu pa nkhani yomwe yatigawa pakati kuntchito. Lamulo la kwathu limati namwino asasamalire m'bale wake, apemphe kusinthidwa wodi. Koma mwezi wathawu tinali operewera, ndiye mnzathu wina anakhalabe pa shifiti ya usiku mu wodi ya amayi momwe munagonekedwa azakhali ake, omwe anamulera kuyambira ali sitandade 3. Khansa ya khomo la chiberekero, itafalikira kale, dotolo atanena kuti chatsala ndi kuchepetsa ululu basi. Usiku wina makina a okosijeni ogwira ntchito anali amodzi okha, ali pa azakhaliwo. Cha m'ma 1 koloko kunabwera mtsikana wa chibayo, okosijeni wa m'magazi atatsika kwambiri kufika pa 82 peresenti. Mnzathuyo anachotsa yekha chubu pa mphuno pa azakhali ake n'kukankhira makinawo kwa mtsikana uja. Azakhali anamwalira patapita masiku angapo. Pano abale sakumuyankhula, akuti tinakuphunzitsa unamwino kuti uzipulumutsa ana a eni. Kuntchito ena akumuyamika, ena akuti akanapanda kukhala m'wodimo zonsezi sibwenzi zilipo. Kodi analakwa pati, kapena olakwa ndife tinamusiya m'menemo?

Sisita Mbewe (wopuma ntchito): Olakwa ndi amene analemba rosita. Ine ndakhala metironi zaka zambiri, ndipo lamulo limenelo sitinalipange chifukwa chouma mtima. Limateteza anthu atatu nthawi imodzi: wodwala wa pa bedi lina, m'bale wodwalayo, ndi namwino mwini wake. Makiyi a kabati ya mofini sungapatse munthu amene mayi ake akubuula potero. Osati kuti ndi wakuba ayi, koma tsiku lomwe rejisitala idzaperewere ndi mamililita asanu, aliyense adzayang'ana iyeyo.

Che Yusufu: Ine ndiye musandiuze za anamwino ndi abale awo. Mayi anga anagona pansi pa simenti pamene m'bale wa namwino wina, wobwera pambuyo pathu, anapatsidwa bedi la pawindo ndi neti yatsopano. Ndinkaona ndi maso angawa. Ndiye mukayamba zoti chikondi chiziposa lamulo, dziwani kuti mukunena za ife opanda wathu m'chipatala. Mtsikana wanuyo anachita bwino, nkhani yatha.

Nachisale: Pepani Che Yusufu, zimenezo zimachitikadi ndipo sindikuziikira kumbuyo. Koma nkhani siinathe, chifukwa pali china chomwe sindinanene. Azakhaliwo atangogonekedwa, tchati chinkaonetsa kuti alandira mofini nthawi zonse, mamiligalamu 5 maola anayi aliwonse, koma ankabuulabe usiku wonse. Ife tinkaganiza zokweza mlingo. Mnzathu uja ndi amene anazindikira kuti mankhwala ankawasunga m'kamwa, namwino akatembenuka n'kulavulira m'kansalu. Atawafunsa mwa awiriwiri, anati mankhwalawo akuwagonetsa, ndipo iwo akudikira mwana wawo wa ku Joni, safuna adzawapeze ali mtulo. Tonse tinatsata ndondomeko, tonse tinasaina, koma palibe anaona.

Jere wa ku Zomba: Apo ndiye mwafika pamene pali mkangano weniweni, mayi. Ine si wachipatala, ndimaphunzitsa za makhalidwe, koma nkhaniyi ili ndi mbiri yake. Mu 1793 Mngelezi wina, William Godwin, anapereka chitsanzo cha nyumba yomwe ikupsa, muli bishopu wotchuka Fénelon ndi mayi wantchito wake, ndipo ungapulumutse mmodzi yekha. Iye anati upulumutse bishopuyo chifukwa ndi wothandiza anthu ambiri, ngakhale wantchitoyo atakhala mayi ako okubala. Kwa iye, kunena kuti uyu ndi wanga sikuwonjezera kanthu pa sikelo. Amenewo ndiye maganizo osakondera atafika pamapeto pake, ndipo ambiri owawerenga anaipidwa nawo ngakhale sankatha kunena bwino chomwe chalakwika.

Amene anadzanena momveka ndi Carol Gilligan mu 1982. Iye ankagwira ntchito ndi Lawrence Kohlberg, yemwe ankayesa kukhwima kwa maganizo a ana powafunsa za bambo wotchedwa Heinz: mkazi wake akufa, mankhwala alipo koma wogulitsa wakweza mtengo, kodi abe? Mnyamata wa zaka 11 anayankha ngati masamu, kuti moyo umaposa katundu, ndiye abe. Mtsikana wa zaka zomwezo anayamba kufunsa zina: akaba n'kumangidwa, mkaziyo amusamalira ndani akadwalanso? Bwanji osakambirana ndi wogulitsayo, kapena kukongola ndalama? Pa muyeso wa Kohlberg mtsikanayo anaoneka wotsalira, ngati wolephera kuyankha funso. Gilligan anati sanalephere, waona zinthu zomwe funsolo linazichotsa dala kuti likhale losavuta kuwerengera.

Ndiye onani tchati chanu chija. Tchati chimafunsa funso limodzi, mankhwala aperekedwa kapena ayi, ndipo chimalifunsa mofanana kwa aliyense. Ubwino wake ndi womwewo. Koma kuti chifanane kwa onse chimayenera kusadziwa za mwana wa ku Joni. Otsutsa malamulo osakondera sakunena kuti kondera wako. Akunena kuti lamulo limayamba kugwira ntchito munthu wina ataona kale chomwe chikuchitika, ndipo kuonako ndi ntchito ya makhalidwe payokha, yomwe lamulo silingakuchitire.

Chikondi M.: Tinaphunzira zimenezi chaka chachiwiri. Mwachidule ndi zoti amayi amaganiza ndi mtima, abambo ndi mutu, n'chifukwa chake unamwino umayenera amayi. Komanso ndi umunthu womwe uja, azungu angoutulukira mochedwa. Chibale ndi fupa, sichiola.

Tadala ku Leeds: Chikondi, mwambi womwewo uli ndi mnzake, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Usankha uti pa 1 koloko usiku makina ali amodzi?

Jere wa ku Zomba: A Chikondi mwalasa theka. Zoona Gilligan anamva mawu amenewa kwambiri kwa amayi, koma iye mwini analemba kuti chomwe chikusiyanitsa ndi kaganizidwe, osati kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Ndipo amayi ambiri ophunzira anamudzudzula pa mfundo yomweyi, kuti ukanena kuti kusamala ndi chibadwa cha akazi wawapatsa ambuye chifukwa chowasiyira ntchito yonse yosambitsa ndi kutaya zonyansa popanda malipiro. Pitani pa chitando cha magadiyani pa chipatala chilichonse muwerenge amene akuphika phala. Za umunthu, kufanana kulipo, poti zonse zimayambira pa mfundo yoti munthu sakhala payekha. Koma umunthu momwe timaunenera kumudzi nthawi zambiri umayang'ana zomwe mtundu ukuyembekezera kwa iwe, pamene apa funso ndi lakuti wodwala uyu, lero, akusowa chiyani. Abale a mnzathuyu akulankhula za ngongole ya kulera. Zimenezo ndi zina.

Mayi Gondwe: Ndalowa mochedwa, ndinali kumudzi kwa odwala. Ine ntchito yanga ndi yosamalira omwe matenda awo sachizika, ndiye ndiyankhe za mankhwala kaye tisanapite patali ndi a Godwin.

Choyamba, tulo ta mofini nthawi zambiri timavuta masiku oyamba, awiri kapena atatu, kenako thupi limazolowera. Azakhaliwo akanauzidwa zimenezi tsiku loyamba, mwina sibwenzi akulavula. Komanso mlingo umakambirana. Ndakhala nawo odwala osankha kupirira kaululu pang'ono masana kuti acheze ndi adzukulu, usiku n'kumwa wokwanira. Ndi ufulu wawo. Choopsa chinali chomwe a Nachisale anena, kukweza mlingo poganiza kuti 5 sakugwira. Mukanafika pa 10 kapena 15, tsiku lomwe akanameza zoona mukanawapatsa mlingo waukulu thupi lisanazolowere n'komwe. Ndiye kuona kwa namwino wachibaleyo sikunali kukoma mtima chabe, kunapewetsa ngozi.

Chachiwiri, okosijeni. Munthu amene akutsirizika ndi khansa akamabanika, makina aja sathandiza nthawi zonse monga abale amaganizira. Ngati okosijeni wa m'magazi sanatsike kwenikweni, kumukhazika tsonga, kutsegula windo, kumukupiza kumaso ndi mofini pang'ono zimachepetsa kubanika mofanana kapena kuposa. Koma mtsikana wa chibayo pa 82 makinawo ndi moyo wake. Sindikudziwa azakhali anali pa nambala yanji, koma n'kutheka kuti sanalandidwe chinthu chachikulu monga abale akuganizira. Vuto ndi lakuti anaona chubu chikuchotsedwa ndi dzanja la mwana wawo, popanda wowafotokozera.

Nachisale: Anali pa 91 atachotsedwa, anayeza kawiri. Ndipo anakhala nawo pambali akuwakupiza ndi chikuto cha fayilo mpaka anagona, akudzukadzuka kukaona mtsikana uja. Koma gadiyani, mng'ono wa malemuwo, anangoona kuchotsako.

Sisita Mbewe (wopuma ntchito): Mwaonatu. Akanachotsa namwino wina, gadiyani akanadandaula tsiku limodzi n'kuiwala. Pano banja lagawanika. Ndi chimene ndikunena ine, lamulo likanamuteteza.

Mayi Gondwe: Sisita, pamenepo ndikuvomerezani, ndipo ndiwonjezere mbali yomwe a Jere sanaikhudze. Kuyandikana kumatsegula maso, komanso kumatseka. Anamwino omwe ndawaona akudwazika makolo awo ndi amene amavuta kwambiri pa za diripi. Wodwala wasiya kudya ndi kumwa chifukwa thupi likutseka lokha, iwo akudziwa bwino lomwe, anaphunzitsapo abale a ena, koma pa mayi awo amafuna diripi, amafuna chubu chodyetsera cha m'mphuno. Madzi aja impso sizikuwatulutsa, miyendo imatupa, pachifuwa pamayamba kulira nkokomo, wodwala akuvutika kuposa poyamba. Chofunika nthawi imeneyo ndi kunyowetsa milomo ndi kansalu koyera, kutsuka m'kamwa, kumutembenuza kuti asachite zilonda, ndi kuona ngati chikhodzodzo chadzaza, poti kusakhazikika kwina ndi mkodzo chabe. A Nachisale, mnzanuyo sanapemphe diripi?

Nachisale: Anapempha, mayi. Kawiri. Kiliniko ofesa anakana kachiwiriko ndipo anakangana pakhonde.

Jere wa ku Zomba: Zikomo Mayi Gondwe, ndipo zimenezi sizikugwetsa mfundo ija, zikuisongola. Nel Noddings, amene analemba za nkhaniyi mu 1984, anati kusamala si mmene iwe ukumvera mumtima. Ndi kuika pambali zofuna zako kuti za mnzako zikulowe, ndipo sikukwanira mpaka wosamalidwayo atakulandira. Diripi ija inali ya ndani? Inali ya mwana amene sakufuna kuti azakhali apite. Pa muyeso wa Noddings yemweyo, pa za mofini anasamala, pa za diripi anali akudzisamala yekha, ndipo amene anasamala azakhali tsiku limenelo ndi kiliniko ofesa wokana uja. Sindikumuweruza, ndani sangatero.

Che Yusufu: Aphunzitsi, mawu okoma, koma simunandiyankhe. Mayi anga analibe mwana namwino woti awaone akulavula mankhwala. Nzeru zanuzi zikuwathandiza chiyani?

Jere wa ku Zomba: Funso lanu ndi lomwe linavutitsa Noddings, Che Yusufu, ndipo poyamba analiyankha moipa. M'buku lomwelo analemba kuti alibe udindo wosamala ana ovutika ndi njala ku Africa, chifukwa kusamala koteroko sikungafike pokwanira popanda kusiya omwe ali nawo pafupi. Anadzudzulidwa kwambiri, ndipo m'zolemba zake za pambuyo anapereka malo okulirapo ku kudera nkhawa anthu akutali. Amene anakonza bwino ndi Joan Tronto mu 1993. Iye anatchula poyera matenda awiri a kusamala: kuona ako okha, ndi kuganiza kuti ukudziwa zofuna za wodwala kuposa mwini wake. Bedi la pawindo lija ndi loyamba, diripi ndi lachiwiri. Yankho lake silinali kubwerera ku lamulo lokha, koma kufunsa kuti ntchito yosamalayi yagawidwa bwanji, ndani akuichita, ali ndi nthawi ndi zipangizo zotani. Namwino mmodzi pa odwala makumi angapo sangaone munthu akulavulira m'kansalu, kaya ndi wachifundo chotani. Ndiye mayi anu analakwiridwa kawiri: anakonderedwa pa bedi, komanso panalibe amene anali ndi mpata wowayang'anitsitsa. Lamulo losakondera likanakonza choyamba chokha.

Che Yusufu: Choyambacho chikanandikwanira ine. Bedi kaye, zoyang'anitsitsa pambuyo.

Tadala ku Leeds: Kuno ndimagwira m'nyumba yosungira okalamba, ndipo zonse ndi mapepala. Munthu aliyense ali ndi ndondomeko yake yolembedwa, amakonda tiyi wotani, amafuna kusambitsidwa ndi mkazi kapena mwamuna, akafuna kumwalira aitanidwe ndani. Ndiye ngati akuyesa kulemba papepala zomwe mwana wa munthu amangodziwa. Zimathandiza, sindinama, makamaka ukakhala watsopano. Koma ndaonanso anthu akuchonga mabokosi onse nkhalamba ikulira, chifukwa kulira kulibe bokosi lake. Ndipo ine amene ndikusambitsa amayi a eni kuno, anga akudwazikidwa ndi mng'ono wanga ku Ntcheu, ine ndimangotumiza ndalama. Sindidziwa a Tronto angati chiyani pamenepo.

Chikondi M.: Koma ineyo pa mayeso a khonsolo ya anamwino ndikalemba kuti chimatengera ubale, andilepheretsa. Amafuna zinayi zija, kulemekeza chisankho cha wodwala, kuchita zabwino, kusavulaza, ndi chilungamo.

Mayi Gondwe: Lemba zinayizo mwanawe, ukhoze. Koma taona, chisankho cha azakhali aja chinali choti akhale maso. Unakachilemekeza bwanji usanachidziwe? Sanauze dotolo pa raundi, anthu khumi ataima mozungulira bedi. Anauza mwana wawo usiku.

Sisita Mbewe (wopuma ntchito): Ndiye a Jere mukufuna lamulo lichotsedwe? Nenani poyera.

Jere wa ku Zomba: Ayi Sisita. Pali chitsanzo china chomwe Bernard Williams anachitchukitsa, cha munthu amene angapulumutse mmodzi mwa awiri omira, mkazi wake kapena mlendo. Williams anati munthuyo akayamba wafufuza lamulo lomuloleza kusankha mkazi wake, waganiza ganizo limodzi lowonjezera, chifukwa kungoti ndi mkazi wanga kunayenera kukwanira. Koma chitsanzocho chimanena za munthu wopanda udindo, osati woyendetsa sitima yomwe omirawo anakwera. Mnzathuyu usiku umenewo anali zonse ziwiri, mwana komanso woyendetsa. Pa kugawa makina, bedi ndi mankhwala, ine ndili ndi Che Yusufu, pasakhale nkhope. Chomwe ndikukana ndi kuganiza kuti ukagawa mofanana wamaliza ntchito. Ndipo ndikukayikira lamulo lomwe yankho lake ndi kumuchotsa m'wodi basi, ngati kuti zomwe akudziwa za azakhali ake ndi kachilombo koyenera kutsekeredwa kunja.

Mayi Gondwe: Njira yomwe ine ndimalangiza ndi iyi. Achoke pa rosita ya wodiyo, asagwire makiyi, asalembe m'fayilo, asapange chiganizo cha makina. Koma apatsidwe masiku akhale gadiyani weniweni, wovala chitenje osati yunifolomu, ndipo popatsirana lipoti afunsidwe ngati pali chomwe waona. Akatero amaona ngati mwana, ndipo zolemera zimagwera ena.

Sisita Mbewe (wopuma ntchito): Pa pepala n'zabwino. Ndinayesapo. Namwino wovala chitenje amakhalabe namwino, anzake amamuopa, akapempha diripi wachinyamata wa usiku sangamukanize. Ndipo magadiyani ena amaona kuti uyu akulowa mu ofesi ya anamwino pamene iwo akuthamangitsidwa nthawi ya raundi. Che Yusufu abweranso ndi dandaulo lomwelo.

Che Yusufu: Ndibweradi.

Tadala ku Leeds: Nanga bwanji osafunsa magadiyani onse popatsirana lipoti, osati namwino yekhayo? Amene amagona pansi pa bedi ndi amene amadziwa kuti wodwala wakodza kangati.

Sisita Mbewe (wopuma ntchito): Mabedi makumi asanu, mphindi ziwiri pa gadiyani aliyense, ndi ola limodzi ndi mphindi 40. Wa usiku akufuna akakwere minibasi. Ndipatseni anamwino ena awiri ndichita.

Nachisale: Ndawerenga zonse. Za kumuchotsa pa rosita ndikuvomereza, ngakhale sindikudziwa tikanaika ndani sabata imeneyo, poti wina anali ku maliro wina ku maphunziro. Chomwe chandikhudza ndi cha Mayi Gondwe, kuti gadiyani uja palibe anamufotokozera. Tinali otanganidwa ndi mtsikana wa chibayo, yemwe anachira n'kutuluka. Mayi Gondwe, kodi n'zololedwa kuti ine ndi kiliniko ofesa tipite kwa banjalo tikafotokoze za nambala zija, kapena tikhala tikuulula za m'fayilo ya malemu?

Mayi Gondwe: Yambani mwapempha chilolezo kwa akuluakulu a chipatala, ndipo mukalankhule ndi gadiyani amene analembedwa m'fayilo, osati mtundu wonse. Za mtsikana winayo musatchule dzina kapena matenda ake. Komanso mufunseni kaye mnzanuyo ngati akufuna. Ena safuna kuti anzawo a kuntchito alowe nkhani za kwawo, ndipo mwina abalewo chomwe chikuwapweteka si makina konse.

Jere wa ku Zomba: Mwana wa ku Joni uja anafika?

Nachisale: Anafika mawa lake la usiku wa makinawo, anawapeza ali maso ndipo anacheza. Iyeyo ndi amene akutsogolera zosamuyankhula msuweni wakeyo.